Alandilodi amangolowa mnyumba ine kulibe, ndiwalembere zotani?

"Ndimakhala ku Chilomoni, nyumba ya zipinda ziwiri, lendi K180,000 pamwezi ndipo sindinadumphitsepo olo mwezi umodzi. Alandilodi ndi bambo achikulire, amakhala kwina koma anasunga makiyi ena. Pa 3 Febuluwale ndinapeza matope a nsapato pabalaza, akuti amadzaona ngati denga likudontha. Pa 11 analowa ndi pulambala ine ndili ku ntchito. Pa 19 mwana wanga wamkazi wa zaka 15 anali yekha akusamba, anangomva chitseko chikutseguka. Ndikafunsa amangoti nyumba ndi yanga iyi. Ndikufuna ndiwalembere meseji yolimba koma ndikuopa andithamangitsa. Ndilembe zotani, nanga loko ndingasinthe?" Mayi wa ku Chilomoni

Mayi pepani, ndipo mtima ukhale m'malo, simukuonjeza ayi komanso si mwano kudandaula pa nkhani ngati iyi. Ine ndayang'anira nyumba za lendi muno mu Blantyre kwa zaka zoposa khumi, ndakhalapo mbali ya eni nyumba komanso ndakhalapo pakati poyanjanitsa anthu atayambana, ndiye ndikuuzani zomwe ndaona kuti zimagwira ndi zomwe zimangoonjezera moto.

Tiyambe ndi mawu aja oti nyumba ndi yanga. Ndi zoona, ndi yawo, palibe akuwalanda. Koma tsiku lomwe analandira ndalama yanu n'kukupatsani makiyi anakugulitsani chinthu, ndipo chinthucho si njerwa kapena malata, ndi ufulu oti mukhalemo inu ndi banja lanu popanda wina kumakusokonezani. Umwini unatsala kwa iwo koma ulamuliro wa pa chitseko unabwera kwa inu kwa nthawi yonse yomwe mukulipira. Mfundo imeneyi makhoti amaitenga kuti ilimo mu mgwirizano wa lendi ngakhale simunailembe, ngakhale munangogwirizana pakamwa pa geti. Pamwamba pa apo malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 21, amapereka ufulu wa chinsinsi kwa munthu aliyense ndipo amatchula nyumba ndi katundu wa munthu kuti zisamangofufuzidwa. Sananene kuti nyumba yomwe unamanga wekha. Pomwe mumagona ndi ana anu ndiye pakhomo panu.

Komanso ndisakunamizeni, alandilodi nawo ali ndi mbali yawo. Ali ndi ufulu odzaona mmene nyumba yawo ilili, kubweretsa amisiri, ndipo mukatsala pang'ono kutuluka kudzaonetsa anthu ena ofuna kulowa. Mwezi wa Febuluwale mvula ili pachimake, munthu kudera nkhawa denga lake si zachilendo. Vuto si kubwera kwawo, vuto ndi kubwera osanena, kutsegula okha, inu kulibe. Nthawi yokhayo yomwe ndingawaikire kumbuyo atalowa osakuuzani ndi pangozi yeniyeni, moto, paipi yaphulika madzi akutulukira pansi pa chitseko, fungo la mawaya akupsa, ndipo olo pamenepo amayenera ayambe ayesa kukuimbirani foni. Meseji yanu ikazindikira mbali yawoyi imakhala yamphamvu kwambiri, chifukwa mwawatsekera pothawira. Sanganene kuti tenanti akundiletsa kuona nyumba yanga.

Musanalembe ganizirani kaye kuti bambowa amalowa chifukwa chani, poti mankhwala amatsata matenda. Ambiri omwe ndakumana nawo ndi akuluakulu omwe anamanga nyumbayo ndi ndalama ya penshoni, mwina anakhalamo okha zaka zambiri, ndiye mumtima mwawo inu ndinu mlendo chabe amene akumusunga. Ena anapwetekedwapo ndi tenanti wakale yemwe anaphikira mbaula mnyumba mpaka siling'i kuda bii kapena anathawa usiku ndi ngongole ya madzi, ndiye amafuna azikudzidzimutsani kuti aone zenizeni. Ena amawerenga anthu, akufuna adziwe ngati mwabweretsa achibale ena kapena mukuchititsa lendi chipinda china. Ena akugulitsa nyumba mwakachetechete ndipo yemwe akumutcha pulambala uja nthawi zina amakhala ogula. Anthu onsewa meseji yabwino imawaongola, ambiri amachita manyazi akaona zalembedwa. Koma alipo ena ochepa omwe cholinga chawo si nyumba, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mwana wanuyo sindikufuna tiiphatikize ndi ya matope pabalaza ngati ndi zofanana. Khalani naye pansi modekha, osati momuopseza, mumufunse kuti bambowa atalowa anaima pati, ananena chani, anatuluka nthawi yomweyo atadziwa kuti muli munthu kapena anachedwa, ndipo kodi aka kanali koyamba kubwera iye ali yekha. Akakuuzani china chilichonse chokuimitsani mutu, za meseji zisiyeni kaye, pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa ija ambiri amangoti Vikitimu Sapoti. Imeneyo sikhalanso nkhani ya lendi.

Tinene kuti anangolowa, atamva madzi kubafa anabwerera. Ndiye konzekerani zinthu ziwiri musanagwire foni. Choyamba agrimenti, ngati munasainirana. Ifufuzeni pomwe ikukamba zoyendera nyumba, ma agrimenti ambiri omwe ma ejenti amagwiritsa ntchito muno mtauni amanena kuti mwini nyumba atha kulowa pa nthawi yoyenera atapereka notisi, ena amalemba maola 24 ena 48. Ngati mwanu mwalembedwa choncho ndiye ntchito yachepa, mungowakumbutsa zomwe anasainira okha. Muonenso ngati muli mawu oletsa kusintha maloko, tifikako. Chachiwiri umboni wa lendi. Ngati mumalipira pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki sungani mameseji onse, ajambuleni muwatumize ku imelo yanu poti mafoni amabedwa mminibasi. Ngati mumapereka pamanja opanda lisiti, kuyambira mwezi uno siyani. Munthu akakwiya ndi kalata yanu chida chake choyamba chimakhala choti tenantiyu ali ndi ngongole, ndiye chidacho mulandiretu.

Meseji yake ine ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndine tenanti wanu wa ku nyumba ya ku Chilomoni. Ndalemba kuti nkhaniyi imveke bwino ndipo tonse tikhale ndi pokumbukira. Mwezi uno mwalowa mnyumba katatu ndi makiyi anu osandiuza: pa 3 Febuluwale ine kulibe, pa 11 muli ndi pulambala ine ndili ku ntchito, komanso pa 19 pomwe mwana wanga wamkazi anali yekha akusamba. Izi sindinavomereze ndipo sindikuvomereza kuti zipitirire. Ndikudziwa kuti nyumba ndi yanu ndipo sindikukuletsani kudzaiona kapena kudzakonza zoonongeka. Chomwe ndikunena n'choti kuyambira lero muzindiuza pa meseji kukadali maola 24, tizigwirizana tsiku ndi nthawi, ndipo muzilowa ine kapena munthu wamkulu yemwe ndamusankha alipo. Loweruka kummawa ndimapezeka. Pakagwa ngozi ngati moto kapena paipi kuphulika ndiimbireni nthawi ina iliyonse. Musalowe kapena kutuma munthu mwana ali yekha. Lendi ndikupitiriza kulipira pa nthawi yake monga mwa masiku onse. Chonde ndiyankheni pofika Lachisanu kuti mwaiona meseji ino ndipo tagwirizana. Zikachitikanso ndidzakakamizika kutengera nkhaniyi kwa ena kuti atithandize. Zikomo."

Mwaona kuti mulibe chipongwe olo chimodzi koma mulibenso pepani. Azimayi ambiri akamandionetsa zomwe alemba zimayamba ndi pepanitu bambo mwina ndikulakwitsa, kenaka pepani ngati ndakukhumudwitsani, pofika kumapeto munthu owerenga sakudziwanso kuti olakwa ndani. Ulemu uli mu moni ndi mu mawu oti bambo, zakwana. Mawu omwe anyamula meseji yonseyi ndi aja oti sindinavomereze ndipo sindikuvomereza, amenewo musawachotse kapena kuwafewetsa, ndikuuzani chifukwa chake. Mu malamulo a milandu a dziko lino muli mlandu olowa pamalo omwe ali mmanja mwa munthu wina ndi cholinga chomuopseza, kumunyoza kapena kumusautsa. Taonani, akuti omwe ali mmanja mwa wina, sakuti a wina, ndiye mwini nyumba naye ungathe kumukhudza. Koma povuta pamakhala pa cholingacho. Lero bambowa atha kunena kuti ine ndimangoona denga, sindimadziwa kuti mayiwa zikuwawawa. Akalandira meseji yanu n'kulowanso, bodza limenelo latha. Ndiye meseji imagwira ntchito ziwiri, kuwaleketsa ngati ndi munthu omva, komanso kukusungirani umboni ngati ndi osamva.

Madeti aja ndi ofunikanso kuposa mmene anthu amaganizira. Mukalemba kuti mumangolowalowa nthawi zonse, ayankha kuti liti, ndinangobwera kamodzi ine, basi mkangano wasanduka owerengetsana. Mukatchula tsiku ndi zomwe zinachitika amasowa potsutsa, ndipo kawirikawiri amayankha modziteteza, amvekere pa 11 paja ndinabwera chifukwa cha mpope. Yankho ngati limenelo musakwiye nalo, ndi golide, avomera okha polemba kuti analowa.

Za maola 24 zija musalembe kuti lamulo likutero ngati mu agrimenti mwanu mulibe. Chomwe chimafunika ndi notisi yokwanira, ndipo tsiku limodzi kapena awiri ndi zomwe anthu ambiri amaziona kuti n'zokwanira, ndiye ikani ngati mfundo yanu basi. Ndaonapo ma tenanti akukopera makalata a pa intaneti a maiko ena, odzaza ndi manambala a malamulo omwe kuno kulibe, landilodi n'kukaonetsa mwana wake ophunzira, kalata yonse n'kusanduka nthabwala. Chimodzimodzi kuopseza. Musalembe kuti ndikumangitsani kapena loya wanga akupezani pomwe loya mulibe. Mawu oti nditengera nkhaniyi kwa ena ndi okwana, ndi oona, ndipo amamusiya munthu akudzifunsa kuti enawo ndani.

Chinthu china chomwe ndikukupemphani musachite ndi kuwanamizira kapena kuwaganizira kuba mu mesejimo. Panali mnyamata wina ku Zingwangwa, nkhani yake inali yooneka bwino kwambiri, mayi eni nyumba ankalowa mpaka kuchipinda n'kumamuuza mawa lake kuti bwanji suyala bedi. Tsiku lina anasowa ndalama, mwaukali analemba pa gulupu ya WhatsApp ya ma tenanti onse a pa mpandapo kuti alandilodi ndi akuba. Umboni analibe. Kuyambira pamenepo palibe anakambanso zolowa mnyumba, nkhani inasanduka yoipitsa mbiri ya munthu wamkulu, kwa amfumu anapepesa ndi iyeyo ndipo mwezi otsatira anasamuka. Ndalamazo mwina anatengadi mayiwo mwina ayi, sitidzadziwa. Ngati chinthu chasowa lembani kuti chakuti chinali pakuti ndipo sindikuchiona kuyambira tsiku lakuti, osatchula wakuba, ndipo ngati ndi chamtengo kanenenitu ku polisi. Komanso nkhaniyi ndi ya anthu awiri, isapite pa gulupu kapena pa Facebook.

Katumizidwe kake. Lembani, musatumize voisi, poti mawu a pakamwa amatuluka ndi mkwiyo ndipo ndi ovuta kuonetsa munthu wina. Tumizani masana mutapuma bwino osati usiku omwe mwapeza matope. Ikapita ijambuleni sikilini pooneka deti ndi nambala yawo. Ngati bambowa ndi aja a kafoni ka mabatani tumizani meseji wamba, kenaka lembani zomwezo pa pepala, makope awiri, ina muwapatse pamaso pa munthu wina wamkulu ina musunge. Ngati nyumbayo munaipeza kudzera kwa ejenti amene amatoleranso lendi, naye mpatseni kope. Ndipo poti kwathu kuno munthu wamkulu kungomutumizira kalata osaonana naye amaona ngati wamuchotsa ulemu, si zolakwika kuwaimbira kapena kukawaona mawa lake, muli ndi mlongo wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi, n'kunena kuti bambo ndinalemba zija kuti tisamaiwale, tiyeni tigwirizane. Koma kukambirana kubwere pambuyo pa kulemba, kusalowe mmalo mwake. Mukagwirizana chinthu pakamwa, madzulo ake tumizani kameseji kachidule koti zikomo bambo, monga tagwirizana muzindiuza kukadali tsiku limodzi.

Tsopano loko. Lero lomwe, musanatumize n'komwe meseji, itanani kalipentala aike kampiringidzo kachitsulo mkati mwa chitseko cha kumaso ndi cha kuseri, ndipo mwana aziuzidwa kuti akakhala yekha azikhoma mkati, wina akagogoda aziyankhira pa windo kuti amayi kulibe, aimbireni foni. Zimenezi ndi zotchipa, ndipo zikuthetsa mbali yoopsa kwambiri ya vuto lanu. Chipinda chanu chogona muthanso kumachikhoma ndi loko wanu mukamachoka. Kusintha loko wa chitseko chachikulu ndiye kumafuna kuganiza. Ngati agrimenti ikuletsa kusintha kanthu popanda chilolezo, mukasintha mwawapatsa chifukwa choti inunso mwaphwanya pangano. Ngati ilibe mawu otero kapena munangogwirizana pakamwa, ine ndimalangiza kuti yambani ndi meseji, akalowanso ndiye sinthani, muwauze polemba tsiku lomwelo kuti mwasintha chifukwa chakuti ndipo akafuna kuona nyumba mudzawatsegulira nokha. Sinthani kasilinda kolowa kiyi kokha ngati loko wake ndi wa mtundu umenewo, osaboola kapena kuswa chitseko, ndipo kakaleko kasungeni mudzabwezeretse potuluka kuti asadzapeze podyera dipoziti yanu. Kusintha mwakachetechete tsiku loyamba kumabweretsa zija zoti mukubwera ku ntchito mwapeza bambo ali ndi kalipentala wawo akuthyola.

Mantha anu oti akuthamangitsani sindingawachepetse, ndi enieni. Ngati muli ndi agrimenti ya chaka ndipo lendi ili bwino, mwaima pabwino, sangakutulutseni pakati pa nthawi chifukwa choti mwadandaula, pokhapokha ngati agrimentiyo ili ndi mawu olola mbali iliyonse kuithetsa ndi notisi, ndiye werengani pamenepo bwinobwino. Koma ngati ndi za mwezi ndi mwezi monga nyumba zambiri za ku Chilomoni, Ndirande kapena Bangwe, atha kukupatsani notisi, kawirikawiri ya mwezi wathunthu, osapereka chifukwa chilichonse, mwina n'kunamizira kuti mwana wanga akubwera kudzakhalamo. Zimachitika ndipo ndi zovuta kuziletsa. Chomwe ndaona ine n'choti tenanti olipira pa nthawi yake ndi osowa, ndipo landilodi oganiza bwino amadziwa kuti nyumba ikakhala mwezi umodzi opanda munthu wataya K180,000 kuphatikiza penti, ndiye ambiri amang'ung'udza sabata imodzi kenaka amazolowera kuimba foni. Komabe yambani kufunsafunsa za nyumba zina mwakachetechete, kuti polankhula musamalankhule ngati munthu opanda kolowera.

Chomwe sangachite ndi kukutulutsani ndi manja awo. Kuchotsa chitseko, kusasula malata, kukhoma nyumba katundu wanu ali mkati, kutseka madzi kapena kutaya katundu panja, zonsezi anthu amachita muno mtauni koma si njira ya lamulo, munthu okana kutuluka amatulutsidwa kudzera ku khoti. Zikachitika jambulani zithunzi nthawi yomweyo mupite ku polisi. Ndipo inu mbali yanu, olo mukwiye bwanji, musasiye kulipira lendi ngati chilango. Ndikudziwa zimakoma kuganiza kuti mwezi uno saiona ndalama yanga mpaka aphunzire, koma mukatero mwawapatsa mlandu weniweni okutulutsirani ndipo nkhani yolowa mnyumba ija aliyense aiwala.

Akalowanso pambuyo pa meseji, lembani yachiwiri yaifupi kwambiri, tsiku, nthawi, ndi mawu oti izi zachitika ngakhale ndinakulemberani pa tsiku lakuti. Kenaka pitani kwa amfumu a dera lanu kapena a bulokolida, mutenge mameseji onse ndi umboni wa lendi. Anthu amawaderera koma kwa bambo achikulire kuitanidwa pamaso pa anzawo kumawawa kuposa kalata ya loya, ndipo zomwe mwagwirizana kumeneko pemphani zilembedwe onse musaine. Ku polisi muthanso kupita, koma konzekani kumva kuti iyi ndi nkhani ya lendi kakambiraneni, apa ndi pomwe mumatulutsa meseji ija n'kuonetsa kuti munthuyu analetsedwa polemba ndipo akubwerabe, komanso kuti mnyumbamo mumakhala mwana wamkazi. Pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe m'buku olo asachitepo kanthu tsiku limenelo. Ngati zafika poopsezana kapena akupatsani notisi yomwe mukuiona kuti siikutsata agrimenti, pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi muno mu Blantyre ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, atha kukuonerani agrimentiyo n'kukuuzani ngati n'koyenera kupempha khoti chiletso. Koma khoti limadya nthawi ndi ndalama za mayendedwe, ndipo pa nyumba ya mwezi ndi mwezi mutha kupambana chiletso lero mawa n'kulandira notisi. Zikafika pamenepo ine ndimauza anthu kuti mphamvu zanu ziikeni pa kutuluka bwino, perekani notisi yanu polemba, jambulani zipinda zonse tsiku lotuluka, werengani mita ya madzi muli limodzi, ndipo makiyi muwapereke pamaso pa mboni mutagwirizana tsiku lobwezera dipoziti.